Kwacha ikamatha mphamvu: mafunso ndi mayankho kwa amene akusunga ndalama ku Mzuzu

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa aphunzitsi, anamwino, amalonda a mu msika wa Mataifa ndi ena ambiri a mu mzinda wa Mzuzu amene akusonkhanitsa ndalama pang'onopang'ono kuti adzafolere nyumba, alipire fizi kapena awonjezere mpamba. Mitengo ya katundu imene yaikidwa m'zitsanzo ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, choncho muikepo mitengo imene mwapeza kumsika sabata ino. Ziwerengero zokhudza kwacha ndi dola ndi zenizeni.

1. Ndalama zanga sizinachepe mu akaunti, nanga n'chifukwa chiyani akuti ndikuluza?

Chimene chachepa ndi katundu amene ndalamazo zingagule, pomwe chiwerengero chake chili chimodzimodzi. Tiyerekeze kuti mayi wina amene amaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale ku Chibavi wasunga K1,000,000 yoti adzagulire malata. Lero lata limodzi likugulitsidwa K25,000, ndiye kuti ndalama yake ndi malata 40. Ngati mitengo ikwera ndi 30 peresenti pa chaka, lata lomwelo lidzakhala pa K32,500 chaka chamawa, ndipo miliyoni ija idzagula malata 30 n'kutsala chenji chosakwana lata lina. Palibe amene walowa mu akaunti yake, koma malata pafupifupi 10 apita.

Tikawerengera m'ndalama, K1,000,000 ya chaka chamawa idzakhala ndi mphamvu yofanana ndi K769,000 ya lero. Mitengo ikapitiriza kukwera pa liwiro lomweli, mphamvu ya ndalamayo imatsika ndi theka pa zaka 2 ndi miyezi 8 yokha, ndipo pakutha pa zaka 3 imatsala ya K455,000. Chiwerengero cha 30 peresenti sitinachitole kuthengo: m'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu m'Malawi muno inakwera ndi kupitirira apo. Tigwiritsa ntchito chitsanzo cha mayiyu m'mayankho angapo otsatirawa.

2. Kodi kukwera kwa mitengo ndi kugwa kwa kwacha ndi chinthu chimodzi?

Ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale zimayendera limodzi. Kukwera kwa mitengo kumayezedwa pa katundu wa m'dziko muno: ofesi yoona za kalembera ya National Statistical Office ku Zomba imasonkhanitsa mitengo ya chimanga, mafuta ophikira, lendi, thiransipoti ndi zina mwezi ndi mwezi, n'kulengeza kuti yakwera bwanji poyerekeza ndi mwezi womwewo chaka chatha. Kugwa kwa kwacha kumayezedwa ndi ndalama zakunja, makamaka dola ya ku America, ndipo kumaonetsa kuchuluka kwa makwacha ofunika kuti mugule dola imodzi.

Ziwirizi zimakumana pa katundu wochokera kunja. Petulo, feteleza, mankhwala, zipangizo za galimoto ndi zitsulo zopangira malata zimalipiridwa m'madola, kotero dola ikadula, mitengo yake imakwera pasanathe masabata ambiri, ndipo mtengo wa mafuta umakoka wa china chilichonse chimene chimakwera galimoto, kaya ndi usipa wochokera ku Nkhata Bay kapena mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga. Koma mitengo ikhozanso kukwera kwacha isanasunthe m'mabanki, monga zimachitikira zokolola zikavuta. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndi ng'amba ya 2024 zinachepetsa chimanga, ndipo popeza chakudya chimatenga gawo lalikulu la ndalama zimene banja limawononga, chiwerengero chonse cha kukwera kwa mitengo chinakwera nacho. Chifukwa chachitatu ndi boma kubwereka kwambiri m'dziko momwemo, zimene zimachulukitsa ndalama m'manja mwa anthu pomwe katundu sanachuluke.

3. Mu 2023 anati kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Kodi zikutanthauza kuti ndinaluza 44 peresenti ya ndalama zanga?

Ayi, chiwerengerocho chimanena za mtengo wa dola. Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi inasuntha mtengo wogulitsira dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo kusiyana kwa K520 ndi 44 peresenti ya K1,180. Kwa munthu amene anali ndi K1,000,000, masamu ake ali chonchi: dzulo lake ndalamayo inali madola 847, kutacha inali madola 588. Anataya madola 259, omwe ndi pafupifupi 31 peresenti ya mphamvu yogulira katundu wakunja. N'zocheperako kusiyana ndi 44, koma zinachitika usiku umodzi.

Aka sikanali koyamba. Mu Meyi 2012 dola inachoka pa K168 kufika pa K250, ndipo mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwanso ndi 25 peresenti. Ngakhale ndalama zamapepala zimene timanyamula zimasimba nkhani yomweyi: K1,000 inatuluka mu 2012, K2,000 mu 2016, ndipo K5,000 mu 2022. Gwero la vutoli ndi loti dziko lathu limagula katundu kunja wa ndalama zoposa kawiri zimene limapeza pogulitsa fodya, tiyi, shuga ndi zina, choncho madola amakhala osakwana nthawi zonse, makamaka msika wa fodya ukatsekedwa.

4. Ndingadziwe bwanji kuti kwacha yatsala pang'ono kugwetsedwa?

Tsiku lenileni silingadziwike, ndipo amene akukuuzani kuti akulidziwa akungolota. Zizindikiro zokha ndi zimene zimaoneka: mabanki amayamba kulemba mayina a ofuna madola n'kuwadikiritsa masabata, mizere ya galimoto imatalika m'malo omwetsera mafuta, mtengo wa dola pa msika wa mseri umatalikirana kwambiri ndi wa ku banki, ndipo eni mahadiweya amasiya kulemba mitengo pa katundu kapena amakuuzani kuti mtengo wa lero ndi wa lero lokha.

Pali mfundo ina imene amalonda a ku Mataifa amaidziwa bwino kuposa anthu a m'maofesi. Wamalonda amene amakapikula ku Kyela kapena ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe nthawi zambiri sapeza ndalama zakunja ku banki, ndiye mitengo yake imatsatira mtengo umene iye wagulira shilingi. N'chifukwa chake katundu amadula ngakhale mtengo wa dola wolembedwa ku banki usanasinthe. Mu Malichi 2024 mtengo wa ku banki unafika pa K1,751 ndipo unakhala pamenepo nthawi yaitali, koma zitenje, nsapato ndi matayala zinapitiriza kukwera. Munthu amene akudikira chilengezo cha banki yaikulu kuti achitepo kanthu amapeza kuti msika unamutsogolera kale.

5. Kodi chiwongoladzanja cha ku banki sichibwezeretsa zimene zikutayikazo?

Pa akaunti wamba yosungira ndalama, sichibwezeretsa. Tiyerekeze kuti banki ikupereka 5 peresenti pa chaka kwa mayi wa ku Chibavi uja. Chiwongoladzanja chake ndi K50,000, koma boma limadulapo msonkho wa 20 peresenti, womwe ndi K10,000, ndiye chaka chikatha ali ndi K1,040,000. Pa mtengo wa K32,500 ndalamayi ndi malata 32. Wapulumutsa pang'ono poyerekeza ndi amene anasunga pansi pa matiresi, koma malata 8 apitabe, ndipo sitinachotsepo ndalama zimene banki imadula mwezi ndi mwezi posamalira akaunti.

Njira yoyezera ndi yosavuta. Tengani chiwongoladzanja chimene akulonjeza, muchotsepo gawo limodzi mwa magawo 5 la msonkho, kenako muyerekeze chotsalacho ndi kukwera kwa mitengo kumene kwalengezedwa posachedwa. Chotsalacho chikachepa, ndiye kuti mukulipira kuti akusungireni ndalama. Nthawi zina kulipira kumeneko n'koyenera, chifukwa ndalama ya matenda, maliro kapena lendi ya mwezi wamawa iyenera kukhala pamalo poti mungaitenge lero lomwe, ndipo ndalama yokwana kuyendetsa pakhomo miyezi iwiri kapena itatu ndi yoyenera kukhala pamenepo. Cholakwika ndi kusiya ndalama ya malata, ya puloti kapena ya ukalamba pa akaunti yotereyi zaka zingapo. Ku Airtel Money ndi ku Mpamba nkhani ndi yomweyo: chikwama wamba cha pa foni ndi cholipirira ndi kutumizira, ndipo potapa amadulanso.

6. Nanga akaunti ya fikisidi ndi zikalata za ngongole ya boma?

Pa akaunti ya fikisidi mumatsekera ndalama kwa mwezi umodzi, itatu, isanu ndi umodzi kapena chaka, ndipo chiwongoladzanja chimakhala chokwererapo. Ambiri sadziwa kuti chiwongoladzanjachi chimakambiranidwa, makamaka ndalama ikakhala yochuluka, choncho funsani m'mabanki awiri kapena atatu musanasayine. Mukatapa nthawi isanakwane, mumataya chiwongoladzanja china kapena chonse.

Zikalata za ngongole ya boma, zimene pa fomu zimalembedwa kuti Treasury Bills, ndi njira imene munthu wamba amabwereketsera boma ndalama kwa masiku 91, 182 kapena 364. Amazigulitsa a Reserve Bank of Malawi, ndipo mukhoza kugula kudzera ku banki yanu kapena ku kampani yovomerezeka yogulitsa masheya. M'chaka cha 2024 phindu lake linali pa 16 peresenti pa za masiku 91, 20 peresenti pa za masiku 182, ndi 26 peresenti pa za masiku 364. Maperesenti onsewa ndi a pa chaka, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka: amene wagula za masiku 91 amalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 la 16 peresentiyo, osati yonse.

Mayi uja akanaika miliyoni yake pa za masiku 364, akanapeza pafupifupi K260,000, msonkho ukanadya K52,000, ndipo akanatsala ndi K1,208,000, yomwe ndi malata 37. Mwa njira zonse zosunga makwacha ngati makwacha, iyi ndi imene inayandikira kwambiri kukwera kwa mitengo, komabe sinakupeze. Ubwino wake ndi woti mumadziwiratu ndalama imene mudzalandire ndi tsiku lake, zimene zimathandiza pa ngongole yoti idzalipidwe m'makwacha pa tsiku lodziwika, monga fizi ya teremu ya Januwale. Maperesentiwa amasintha, choncho funsani a sabata imeneyo.

7. Ngati ndikusungira kumanga nyumba, kodi si bwino kungogula zipangizo pompano?

Kwa mayi wa ku Chibavi, yankho ndi lakuti inde, ndipo pa mayankho onse a pano ili ndi limene timalilimbikitsa kwambiri. Iye sakufuna makwacha, akufuna denga. Akagula malata 40 lero, chaka chamawa adzakhala ndi malata 40, kaya kwacha igwe kaya isagwe, pomwe njira zonse za mu funso 1, 5 ndi 6 zinamusiya ndi 30, 32 kapena 37. Ndalama imene mukudziwa chimene idzagule isandutseni chinthucho msanga, makamaka ngati chinthucho mtengo wake umatsatira dola.

Koma si zipangizo zonse zimene zimapirira kudikira, ndipo nyengo ya ku Mzuzu imalanga osasamala. Mvula imachedwa kusiya kuno, ndipo ngakhale mu Juni ndi Julayi kumakhala nkhungu ndi mvula yowaza, kotero chinyezi chimalowa paliponse. Simenti ndiye woyamba kuonongeka. Thumba likakhala pansi kapena kutsamira khoma, limayamba timibulu m'kati, ndipo ngakhale litasungidwa bwino mphamvu yake imayamba kutsika pakadutsa miyezi itatu. Mukafinya kambulu ndi zala n'kuphwanyika, simentiyo ikhoza kugwirabe ntchito yopepuka, koma kakakana kuphwanyika ndiye kuti mwataya ndalama. Amene wagula simenti asanakonzeke kumanga ndi bwino aumbiretu mabuloko, chifukwa buloko siliopa mvula.

Malata amakhalitsa, koma akasanjikidwa panja madzi n'kulowa pakati pawo, amachita dzimbiri loyera ngati ufa limene limadya utoto ndi chitsulo. Aikeni m'nyumba, pa matabwa, mbali imodzi itakwezedwa pang'ono. Pogula onetsetsani geji, popeza nambala yaing'ono ndiyo lata lokhuthala, ndipo geji 28 ndi yolimba kuposa 30 kapena 32. Muyambe mwaitana mmisiri kuti ayeze denga, chifukwa malata ofupika ndi mafiti awiri mudzawagulitsa motchipa kuti mugule ena. Mafelemu a zitseko ndi mawindo, waya wa magetsi, misomali ndi matailosi zimasungika zaka, pomwe matabwa amapindika ndipo chiswe chimawakonda, utoto nawo umauma m'chitini.

Chenjezo lina ndi la chizolowezi cholipira ku hadiweya n'kusiya katundu konko kuti mudzatenge mtsogolo. Mitengo ikakwera kwambiri, ogulitsa ena amafuna kuti muwonjezere ndalama, ena amabweza makwacha anu akale, ndipo sitolo ikhozanso kutsekedwa. Katundu amene mwalipira mutuluke naye tsiku lomwelo pamodzi ndi lisiti. Ngati kunyumba kulibe malo otetezeka kwa akuba, werengerani zimenezo musanagule.

8. Anthu ambiri amagula chimanga nthawi yokolola n'kudzagulitsa mu Febuluwale. Kodi zimapindulitsadi?

Pali kusiyana pakati pa chimanga chodya ndi chimanga chogulitsa. Kugula chimanga cha banja cha chaka chonse mu Juni kapena Julayi, pamene chatchipa ku Jenda, ku Ekwendeni kapena ku Zigwagwa, ndi nzeru yofanana ndi ya malata ija, chifukwa mudzachidya ndithu. Kugula kuti mudzagulitse ndi bizinesi, ndipo iyenera kuwerengedwa ngati bizinesi.

Tiyerekeze kuti mwagula matumba 10 pa K40,000 lililonse, ndipo matumba osungira, mankhwala ndi thiransipoti zadya K30,000. Mwalowetsa K430,000. Chimanga chimapitiriza kuuma, china chimatayika popeta, ndiye tinene kuti mu Febuluwale mwatsala ndi matumba 9 ndi theka. Mtengo ukafika K60,000 mupeza K570,000, ndipo zikuoneka ngati phindu la K140,000. Koma pa miyezi 8 imeneyo zinthu zina zonse zakwera ndi pafupifupi 19 peresenti, kotero mumafunika K512,000 kuti mungobwerera pomwe munayambira, ndipo phindu lenileni ndi K58,000 yokha. Mtengo ukangofika K50,000, mupeza K475,000, yomwe ndi yoposa imene munalowetsa koma yosakwana kugula zimene K430,000 inkagula mu Juni.

Mtengo wa chimanga sukwera chaka chilichonse. Mu 2017 zokolola zinachuluka pomwe kugulitsa kunja kunali koletsedwa, mtengo unagwa, ndipo amene anasunga matumba ambiri analira. Palinso anankafumbwe ndi chuku. Chimanga chosauma bwino chikatsekedwa m'thumba kuno kozizira chimachita nkhungu, choncho lumani njere musanagule: youma imathetheka, yaiwisi imangophwanyika mofewa. Matumba a PICS, amene ali ndi mapulasitiki awiri m'kati, amapha tizilombo pozimana mpweya popanda mankhwala, koma khoswe akaboola kamodzi ntchito yake yatha.

9. Bwanji osangogula madola n'kusunga m'nyumba?

Malamulo a dziko lino salola kugula kapena kugulitsa ndalama zakunja kwa munthu wopanda chilolezo, ndipo amene wagwidwa akhoza kulandidwa ndalamazo ndi kuimbidwa mlandu. Kuwonjezera apo, madola achinyengo amayenda kwambiri m'misika ya mseri, ndipo mtengo wa kumeneko umakhala utaphatikiza kale mantha a anthu, moti amene wagula anthu ali pa chipwirikiti akhoza kudzagulitsa motsika. Njira yovomerezeka ndi akaunti ya ndalama zakunja ku banki, imene imatsegulidwa ndi anthu amene amalandira ndalama kuchokera kunja, monga ogulitsa katundu kunja kapena olipidwa m'madola. Malamulo a gawo limene liyenera kusinthidwa kukhala makwacha amasinthasintha, ndiye banki ikufotokozereni amene akugwira ntchito pa nthawiyo. Kwa munthu wolandira malipiro m'makwacha, katundu wotsatira dola wa mu funso 7 amamuteteza mofananamo popanda kulakwira lamulo.

10. Ku banki mkhonde timagawana ndalama zambiri mu Disembala. Kodi kumeneko si kopambana banki?

Kukhoza kupambana, koma onetsetsani kumene phindulo likuchokera. M'magulu ambiri ngongole imabwezedwa ndi chiwongoladzanja cha 10 kapena 20 peresenti pa mwezi, ndipo amene amalipira chiwongoladzanjacho ndi mamembala omwewo. Ngati gulu limakakamiza aliyense kutenga ngongole, ndipo inu mwalipira K120,000 ya chiwongoladzanja m'chaka chonse n'kudzalandira K130,000 pamwamba pa masheya anu, phindu lanu ndi K10,000, chifukwa inayo ndi ndalama yanu yomwe imene yangozungulira. Amene amapinduladi ndi amene amaponya masheya ambiri n'kubwereka pang'ono, komanso amene ngongole yake imalowa mu geni yobweza msanga.

Chiopsezo chachikulu ndi membala wothawa ndi ngongole kapena msungichuma wosakhulupirika, popeza palibe bungwe la boma limene lidzakubwezereni. Tsiku logawana lilinso ndi vuto lake: Disembala ndi nthawi imene feteleza ndi katundu wambiri wadula kale. Magulu ena amagawana mu Juni kapena Julayi kuti ndalama ikumane ndi chimanga chotchipa, ndipo maganizo amenewa ndi oyenera kuwatengera ku msonkhano wa gulu lanu. Pa chipereganyu, amene amalandira koyamba amagula zambiri kuposa amene amalandira komaliza ngakhale ndalama ndi yofanana, choncho ndi chilungamo kuti ndandanda izitembenuzidwa ulendo wotsatira. Ma SACCO ndi osiyana ndi magulu amenewa chifukwa ovomerezeka amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo phindu lawo muliyeze monga tafotokozera mu funso 5.

11. Ndimachita geni ndipo ndalama zikuchuluka, koma katundu pa benchi akuchepa. Chikuchitika n'chiyani?

Mukuika mtengo potengera ndalama imene munagulira, m'malo mwa imene mudzapikulire ulendo wotsatira. Wogulitsa zitenje amene wapikula 20 pa K10,000 chimodzi n'kugulitsa pa K12,000 amapeza K240,000 ndipo amaona ngati wapindula K40,000. Akabwerera kokapikula n'kupeza chitenje chili pa K13,000, ndalama yonseyo imagula 18 zokha, ndipo ngati anadya K40,000 ija poganiza kuti ndi phindu, abwera ndi 15. Maulendo atatu otere, benchi yatsala yosakwana theka.

Musanaike mtengo, imbani foni kwa amene mumapikulako mufunse mtengo wa lero. Mpamba muziuwerenga m'katundu, kuti muli ndi zitenje zingati kapena mabelo angati, ndipo phindu likhale chimene chatsala mutabwezeretsa chiwerengero chomwecho. Ndalama ya malonda isagone masabata ikudikira ulendo, ndipo ngongole kwa makasitomala ichepe, chifukwa amene wakubwezerani K12,000 pakatha miyezi itatu wakubwezerani chitenje chosakwanira.

12. Kodi masheya ndi a anthu olemera okha?

Ayi. Msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange uli ku Blantyre, koma simufunika kupitako, popeza mumatsegula akaunti kudzera ku kampani yovomerezeka yogulitsa masheya pogwiritsa ntchito chiphaso cha unzika ndi akaunti ya ku banki. Pa msikawu pali makampani odziwika monga National Bank, Standard Bank, FDH Bank, NBS Bank, Airtel, TNM, Illovo, Press Corporation ndi NICO. Kampani imene ikhoza kukweza mitengo yake zinthu zikamadula imakhala ndi mwayi wosunga mphamvu ya ndalama zanu, ndipo mu 2023 ndi 2024 msika wonse unakwera kuposa kukwera kwa mitengo ya zinthu.

Zaka ziwiri zabwino si lonjezo. Masheya amatsikanso, makampani ena amatha zaka osagawa phindu, ndipo msika wathu ndi waung'ono moti tsiku limene mukufuna kugulitsa ogula akhoza kusowa. Ndalama yoyenera kumeneko ndi imene simudzaifuna kwa zaka 5 kapena kuposerapo, yogawidwa m'makampani angapo. Amene safuna kusankha okha akhoza kulowa mu yuniti tirasiti, momwe akatswiri amaphatikiza ndalama za anthu ambiri n'kuziika m'zikalata za boma kapena m'masheya, ndipo amadulapo malipiro awo. Musanapereke ndalama kwa aliyense, tsimikizani ku Reserve Bank of Malawi, imene ili ndi nthambi konkuno ku Mzuzu, ngati ali ndi chilolezo. Aliyense wolonjeza 30 peresenti pa mwezi, kapena wonena kuti phindu lanu likula mukabweretsa anzanu, akulipira akale ndi ndalama za atsopano, ndipo zoterezi zimachuluka nthawi imene anthu akuthawa kwacha.

13. Nanga puloti kapena ziweto?

Malo a m'mbali mwa mzinda, monga cha ku Dunduzu kapena ku Lusangazi, akhala akukwera mtengo pamene Mzuzu ikukula, koma puloti imateteza ndalama pokhapokha ngati ilidi yanu. Puloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri si nkhani yachilendo. Fufuzani kaye mwini wake wa malowo, ngati ndi khonsolo ya mzinda, unduna wa za malo, Malawi Housing Corporation kapena ndi malo a makolo, ndipo mukaone mapepala ku ofesi yoyenera musanalipire. Pa malo a makolo, abale a wogulitsa ndi amfumu akhalepo ndipo asayine. Kumbukiraninso kuti puloti sigulitsika tsiku limodzi, ndipo wogulitsa chifukwa cha matenda amagulitsa motaya.

Mbuzi zimaswana ndipo mtengo wake umatsatira wa nyama, koma zimafuna woweta wokhulupirika. Nkhumba zimabweza msanga, koma chigodola chikalowa m'khola chimatha zonse pa masiku ochepa ndipo chilibe katemera, pomwe chakudya chake chimadula limodzi ndi chimanga.

14. Ena amati nthawi ngati ino ndi bwino kutenga ngongole chifukwa udzabweza ndalama yopanda mphamvu. Ndi zoona?

Ndi zoona pokhapokha ngati chiwongoladzanja n'chokhazikika, chili pansi pa kukwera kwa mitengo, ndipo malipiro anu akukwera. Ngongole zambiri za m'mabanki athu zimamangiriridwa ku chiwongoladzanja choyambira chimene chimalengezedwa mwezi ndi mwezi, ndipo banki imawonjezerapo gawo lake, kotero banki yaikulu ikakweza chiwongoladzanja chake, monga inachitira mu Febuluwale 2024 pochifikitsa pa 26 peresenti, ngongole yanu yakale imadulanso. Malipiro a pa mwezi nawo amachedwa kutsatira mitengo. Mayi wa ku Chibavi akanakhala ndi K800,000 yokha, kubwereka K200,000 ku SACCO kuti agule malata onse lero kukanamveka, atayerekeza chiwongoladzanja chonse ndi K60,000 imene malata 8 otsalawo akuyembekezeka kukwera, pa K7,500 lata lililonse. Katapila wa 50 peresenti pa mwezi sangapezedwe ndi kukwera kwa mitengo kulikonse, ndipo amene ali ndi ngongole yotereyo aibweze kaye asanaganize zosunga ndalama kwina.